Chithunzi Chilibe Msinkhu: Kusonkhanitsa Zithunzi za Pafoni Kukhala PDF Imodzi

Pamalo opangitsa fotokope, paja anthu amasindikizitsa makalata ofunsira ntchito, pamachitika kanthu kena kamene ogwira ntchito pamenepo anasiya kale kudabwa nako. Munthu wabwera ndi fayilo ya PDF yomwe wapanga yekha kuchokera ku zithunzi za pafoni. Pafoni pakepo zonse zikuoneka bwinobwino. Koma fayilo ija ikangotsegulidwa pakompyuta, tsamba loyamba ladzaza sikirini yonse mpaka kusefukira, lachiwiri ndi kanthu kakang'ono ngati bokosi la machesi, lachitatu lagona chammbali. Pulinta ikalavula mapepala, chidindo chimene chinali kumunsi kwa satifiketi chadukako theka.

Mwini fayilo amayamba kunena foni. Foni ilibe mlandu. Chavuta n'chakuti palibe amene anauza pulogalamu yopanga PDF kukula kwa tsamba limene likufunika, choncho chithunzi chilichonse chinadzisankhira chokha.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyerekeze kuti mlembi wa komiti ya sukulu wauzidwa kuti atumize malisiti ndi masamba a buku la ndalama kwa amene anapereka thandizo lomangira zimbudzi, ndipo anthuwo akufuna fayilo imodzi yokha. M'foda yake muli zithunzi 24. Mwa izi, 18 ndi masamba a bukulo, ojambulidwa foni itaimirira. Zitatu ndi za tebulo lalikulu la manambala lodutsa masamba awiri, zojambulidwa foni itagona. Ziwiri ndi malisiti omwe msungichuma anamutumizira pa WhatsApp, ndipo chomaliza ndi chithunzi cha sikirini ya foni choonetsa uthenga wotsimikiza kuti ndalama zafika.

Chinthu choyamba chimene mlembiyu ayenera kudziwa n'chakuti chithunzi cha pafoni chilibe masentimita. Chili ndi timadontho basi, tija amatitcha mapikiselo. Kamera za mafoni ambiri zimatulutsa chithunzi cha timadontho 3024 m'lifupi ndi 4032 m'litali, kapena manambala oyandikira pamenepo. Timadonthoti titha kupanikizidwa pa kapepala konga ka lisiti, titha kumwazidwa pa chikwangwani cha pamsewu. Tsamba la PDF ndi losiyana. Kampani ya Adobe itatulutsa mtundu wa fayilowu mu 1993, cholinga chinali choti chikalata chizioneka chimodzimodzi paliponse pomwe chatsegulidwa, motero tsamba lililonse limakhala ndi muyeso wake weniweni, wonga wa pepala logwirika m'manja.

Ndiye pulogalamu ikapatsidwa chithunzi popanda kuuzidwa kukula kwa tsamba imatani? Imasuzumira m'kati mwa fayilo ya chithunzicho n'kupeza kanambala konena kuti pa inchi imodzi pakhale timadontho tingati. Mafoni ambiri amangolembapo 72, nambala yachizolowezi yomwe ilibe chochita ndi chinthu chojambulidwacho. Pulogalamu ija imakhulupirira. Imagawa 4032 ndi 72 n'kupeza mainchi 56, amene ndi masentimita 142. M'lifupi imapeza masentimita 107. Tsamba la buku la ndalama la komiti lasanduka chinsalu chomwe m'lifupi mwake chikungotsala pang'ono kufanana ndi chitenje.

Malisiti a pa WhatsApp ali ndi nkhani inanso. Chithunzi chikatumizidwa mwachizolowezi, WhatsApp imachichepetsa kuti mbali yake yaitali ikhale timadontho pafupifupi 1600. Pa masamu omwe aja a 72, lisiti la timadontho 1200 ndi 1600 limakhala tsamba la masentimita 42 ndi 56. Likaikidwa pambali pa chitenje chija limaoneka ngati kansalu kopukutira thukuta. Uku ndiko kudumphadumpha kumene munthu amaona akamatsitsa masamba pa sikirini.

Mankhwala ake ndi kuyambira ku pepala, osati ku chithunzi. Munthu asankhe kukula kwa tsamba, asankhe mpata wotsala m'mphepete, kenako chithunzi chilichonse chilowe m'bokosi lotsala pakatipo.

Pepala ndi A4, la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, lomwe lili m'maofesi ndi m'masukulu onse kuno ndi m'mayiko ambiri. Kusamala kumafunika chifukwa mapulogalamu ochuluka anapangidwira ku America, kumene amagwiritsa ntchito pepala lotchedwa Letter, la mamilimita 216 ndi 279. Ndi lotambalala pang'ono koma lalifupi, ndipo nthawi zambiri ndi limene limakhala losankhidwa kale munthu asanakhudze kalikonse. PDF ya Letter ikasindikizidwa pa A4, mpata wa kumwamba ndi kumunsi umakula pamene wa m'mbali wafinyika.

Mpata wa m'mphepetewu ana asukulu amautcha majini, ndipo si majini a asing'anga ayi, ndi aja aphunzitsi amalamula kuti ajambulidwe ndi lula kumanzere kwa kope. Pali zifukwa ziwiri zomveka zousiyira. Mapulinta wamba safika kumapeto kwenikweni kwa pepala, amasiya mamilimita anayi kapena asanu osalembedwa, ndiye chilichonse chokhala pamenepo chimasowa. Chachiwiri ndi chida chobowolera mapepala oika m'fayilo ya mu ofesi. Pakati pa bowo pamakhala mamilimita 12 kuchokera m'mphepete, ndipo bowolo ndi la mamilimita 6, kutanthauza kuti limadya mpaka pa mamilimita 15. N'chifukwa chake majini a mamilimita 15 ndi poyambira pabwino, ndipo amene akudziwa kuti mapepala ake akasungidwa m'fayilo ya zingwe kapena ya zitsulo angachite bwino kuika 20.

Masamu amene ambiri safuna kumva

Mlembi uja wasankha A4 ndi majini a mamilimita 15. Kuchotsa 15 kumanzere ndi 15 kumanja pa 210 kukutsala 180. Kuchotsa 15 kumwamba ndi 15 kumunsi pa 297 kukutsala 267. Bokosi lake ndi la mamilimita 180 ndi 267, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Chithunzi cha foni yoimirira chili ndi maonekedwe a magawo atatu m'lifupi, anayi m'litali. Chikakulitsidwa mpaka kukhudza makoma a bokosi kumanzere ndi kumanja, chimakhala mamilimita 180 m'lifupi ndi 240 m'litali. Sichifika 267. Pa pepala la 297 patsala mamilimita 57, ndipo akagawidwa pawiri, kumwamba kumakhala 28.5, kumunsinso 28.5. Munthu anapempha majini a 15 mbali zonse, koma wapeza 15 m'mbali ndi 28.5 kumwamba ndi kumunsi.

Pulogalamu sinalakwitse. Maonekedwe a chithunzi ndi maonekedwe a bokosi ndi osiyana, basi. Zinthu zitatu zimene aliyense amazifuna, masamba ofanana kukula, majini ofanana ndendende mbali zonse zinayi, ndi chithunzi chathunthu chosadulidwa komanso chosapotozedwa, sizingatheke pamodzi pokhapokha chithunzicho chitakhala kale ndi maonekedwe a bokosilo. Ngakhale chikalata cha A4 chenichenicho, chojambulidwa bwino n'kudulidwa m'mphepete mwake ndendende, sichikwana. Chikakhala mamilimita 180 m'lifupi, m'litali chimakhala 254.6, ndipo kumwamba ndi kumunsi kumatsala 21 mbali iliyonse.

Chithunzi cha sikirini chimachita zosemphana. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi sikirini yaitali yopyapyala, mwachitsanzo ya timadontho 1080 ndi 2400. Icho chimayamba kugunda denga ndi pansi pa bokosi chisanafike m'makoma. Chimatalika mamilimita 267 onse, koma m'lifupi chimangokhala 120, n'kusiya mpata wa mamilimita 45 uku ndi uku.

Amene akuumirira majini ofanana mbali zonse zinayi ali ndi njira ziwiri, ndipo zonse zili ndi mtengo wake. Yoyamba ndi kukoka chithunzi kuti chidzaze bokosi. Kuchoka pa 240 kufika pa 267 ndi kutalikitsa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo khumi. Zilembo zimaonda, chidindo chozungulira chimasanduka dzira, ndipo wolandira chikalata akayamba kukayika ngati sichinasinthidwe sangadzudzulidwe. Njira yachiwiri ndi kudula. Kuti chithunzi cha 3024 ndi 4032 chifanane ndi bokosi, m'lifupi mwake muyenera kutsala timadontho 2718, kutanthauza kutaya 153 kumanzere ndi 153 kumanja. Pa chithunzi cha ukwati, pomwe m'mbali muli mitengo ndi mahema, palibe amene angazindikire. Pa buku la ndalama, mzere wa kumanja kwenikweni ndi umene umakhala ndi matotala.

Choncho pa zikalata, majini olongosoka atanthauze izi: chithunzi chili pakati penipeni, kumanzere kukufanana ndi kumanja, kumwamba kukufanana ndi kumunsi, ndipo palibe mbali imene yachepera mamilimita 15. Diso limakhutira nazo. Masamba 18 a buku aja, poti anajambulidwa ndi foni imodzi, onse adzakhala malo amodzimodzi ngati anachita kupimidwa ndi lula.

Lamulo limodzi

Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa img2pdf komwe ntchito yake ndi imeneyi yokha. Munthu amalemba lamulo pa zenera lolembapo malamulo, lija lotchedwa Terminal pa Linux ndi pa Mac, n'kudina Enter. Pa Ubuntu ndi Debian kamalowetsedwa ndi `sudo apt install img2pdf`, ndipo pa kompyuta iliyonse yomwe ili ndi Python, kuphatikizapo ya Windows, ndi `pip install img2pdf`. Ngati zithunzi zonse zili m'foda yotchedwa `zithunzi` momwe mulibe china chilichonse, lamulo ndi ili:

```
img2pdf --pagesize A4 --border 15mm --auto-orient -o lipoti.pdf zithunzi/*
```

Mawu oti `--pagesize A4` akukhazikitsa pepala. Oti `--border 15mm` akukhazikitsa mpata wochepetsetsa wa m'mphepete. Pamapeto, kanyenyezi kakutanthauza fayilo iliyonse ya m'fodamo. Kukulitsa kapena kuchepetsa chithunzi kuti chilowe m'bokosi osadulidwa, ndi kuchiika pakati, pulogalamuyi imachita yokha osauzidwa. Amene akufuna mpata wosiyana alembe manambala awiri, monga `--border 15mm:20mm`, pomwe yoyamba ndi ya kumwamba ndi kumunsi, yachiwiri ya m'mbali.

Mawu otsala, `--auto-orient`, ndi a zithunzi zitatu zogona zija. Popanda iwo, chithunzi chogona chimaikidwa pa tsamba loimirira. Chimakhala mamilimita 180 ndi 135, kumwamba ndi kumunsi kuli mbee, mamilimita 81 mbali iliyonse, ndipo manambala a m'tebulo amachepa mpaka kufuna mandala. Ndi mawuwo, tsamba lenilenilo limagonekedwa, chithunzi n'kukhala mamilimita 240 ndi 180, kukula kofanana ndi kwa zinzake. Pepala likadali A4, langotembenuka. Pa zosindikiza palibe vuto, popeza pulinta imadziwa chochita ndipo wowerenga amangotembenuza pepala m'manja. Koma ofesi ikanenetsa kuti masamba onse akhale oimirira, mawuwa achotsedwe.

Pali chifukwa china chimene odziwa amakondera kapulogalamuka. Zithunzi za pafoni zambiri ndi za mtundu wa JPEG, umene umachepetsa kulemera kwa fayilo potaya tinthu tina tosaoneka ndi maso. Kulipanikizanso kachiwiri kumatayanso tina, ngati fotokope ya fotokope. Koma PDF imatha kunyamula JPEG momwe ilili, ndipo img2pdf imangoilowetsa m'katimo osaikhudza. Chimene chinatuluka m'kamera ndi chomwecho chimene chili pa tsamba.

Mu pulogalamu yomweyi muli mawu ena awiri oyenera kuwapewa pa zikalata. Oti `--fit exact` ndi aja okoka chithunzi mpaka chidindo kusanduka dzira. Oti `--fit fill` amakulitsa chithunzi mpaka kutalika kwake kukwane 267, ndiye m'lifupi chimafika 200 n'kulowerera m'majini, m'mbali n'kungotsala mamilimita asanu. Bowo la fayilo lidzagwera pa zolembedwa.

Amene sakufuna kulemba malamulo ali nayo njira pa Windows. Asankhe zithunzi zonse, adine batani lakumanja la mausi, asankhe Print, ndipo pa dzina la pulinta asankhe Microsoft Print to PDF, yomwe inabwera ndi Windows 10. Pepala alisinthe likhale A4. Kenako ayang'ane kumunsi kwa zeneralo, pomwe pali kabokosi kolembedwa Fit picture to frame, kamene kawirikawiri kamakhala kochonga kale. Dzina lake ndi lonyenga. Kabokosi kameneka ndi kamene kamadula m'mbali mwa chithunzi kuti chidzaze pepala, ndipo zidindo zambiri zodukaduka zinathera pamenepa. Chongacho chichotsedwe. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti palibe polemba kukula kwa majini, munthu amalandira zimene wapatsidwa. Kumata zithunzi mu Word kumalola kupima majini, ndipo pa zithunzi zitatu ndi nzeru ndithu. Pa 24, kukoka ngodya za chithunzi chilichonse ndi mausi ndi ntchito ya madzulo onse, ndipo sizifanana.

Nanga masamba a pa intaneti olonjeza kuchita zonsezi mwaulere? Amagwira ntchito, ena amalolanso kusankha A4 ndi majini. Koma kuwagwiritsa ntchito ndi kutumiza zithunzizo ku kompyuta ya munthu wosadziwika, komanso kutha bandulo pokweza ndi potsitsa. Zithunzi za mpira zipite. Chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE kapena buku la ndalama za komiti ndi bwino zisatuluke m'nyumba.

Kumene zimasokonekera

Lamulo lija limatha m'kanthawi kochepa, koma kalitsiro amayamba lisanalembedwe. Vuto loyamba ndi ndondomeko ya masamba. Pulogalamu imatenga mafayilo motsata mayina awo, ndipo mayina a m'foda ya mlembiyu anachokera kosiyanasiyana. Kamera yake imalemba ngati `IMG_20240312_101500.jpg`, WhatsApp imalemba ngati `IMG-20240312-WA0007.jpg`, chithunzi cha sikirini chimayamba ndi `Screenshot`. Akangozisiya choncho, malisiti adzakhala pamene zilembo zawaika, osati pamene iye akufuna.

Ndiye amasintha mayina n'kulemba 1, 2, 3 mpaka 24, ndipo apa pali msampha wina. Lamulo lolembedwa pa Terminal limasanja mayina ngati mawu a mu dikishonale, chilembo ndi chilembo. Kwa ilo, 10 amabwera patsogolo pa 2 chifukwa amayamba ndi 1. Masamba amatuluka motere: 1, 10, 11, 12 mpaka 19, kenako 2, 20, 21. Choipitsitsa n'chakuti zenera loonetsa mafayilo pa Windows limasanja mwanzeru, 2 patsogolo pa 10, choncho munthu akayang'ana m'foda amaona zonse zili m'malo mwake. Kukonza kwake ndi ziro mmodzi: 01, 02, 03 mpaka 24. Zithunzi zikapitirira 99, maziro awiri.

Vuto lachiwiri ndi tsamba logona chammbali kapena lozondoka, ndipo chiyambi chake n'chosangalatsa. Foni imadziwa kuti yaimirira kapena yagona pogwiritsa ntchito kachipangizo komva kumene mphamvu yokokera pansi ikuchokera. Munthu akamajambula mnzake, foni imakhala chilili ndipo kachipangizoka sikasokonezeka. Koma pepala limajambulidwa lili patebulo, foni itayang'ana pansi ngati mbale yovundikira. Pamenepo kumwamba ndi kuti? Foni imangosunga momwe inalili komaliza, kapena imasintha dzanja likangopendekeka pang'ono. Kenako, m'malo motembenuza chithunzicho, mafoni ambiri amalemba kachizindikiro m'kati mwa fayilo kouza pulogalamu yoonetsa kuti ichitembenuze. Mapulogalamu ena amawerenga kachizindikiroka, ena sawerenga, n'chifukwa chake chithunzi chimodzimodzi chimaimirira pafoni n'kugona pakompyuta. Pulogalamu ya img2pdf imawerenga, koma ngati foni inalemba zolakwika, imatsata zolakwikazo. Palibe lamulo lokonza izi pa foda yonse. Munthu atsegule zithunzi chimodzichimodzi, atembenuze zopotoka, asunge. Chinyengo chothandiza pojambula ndi kuyamba waimika foni momwe ukufunira, kenako n'kuiweramitsa pang'onopang'ono pa pepala.

Eni mafoni a iPhone ali ndi kawo kena. Kuyambira 2017 mafoniwa amasunga zithunzi mu mtundu wa HEIC, umene mapulogalamu ambiri sautsegula. Ziyenera kusinthidwa kukhala JPEG kaye, kapena pa zosankha za kamera pasankhidwe Most Compatible zithunzi zisanajambulidwe.

Vuto lachitatu ndi kulemera. Poti img2pdf sikhudza zithunzi, PDF imalemera mofanana ndi zithunzi zonse pamodzi. Ngati 21 za kamera zija zili pa mamegabaiti atatu chilichonse, fayilo ipitirira 60. Gmail salola kumata fayilo yoposa mamegabaiti 25 pa imelo, ndipo mafomu ambiri a pa intaneti amafuna zochepa kwambiri kuposa pamenepo.

Mwayi wake n'ngwakuti timadontho tambiri mwa iti ndi tosafunika. Mamilimita 180 ndi mainchi 7.09. Timadontho 3024 pa mpata umenewu ndi 427 pa inchi, pamene zolembedwa pamanja ndi malisiti zimawerengeka bwino pa 200. Kuchepetsa mbali yaitali kufika pa 2000 kumapereka chithunzi cha 1500 ndi 2000, chomwe pa pepala ndi timadontho 212 pa inchi. Ntchitoyi imachitika ndi pulogalamu ina yaulere, ImageMagick, PDF isanapangidwe:

```
mkdir zochepa
magick mogrify -path zochepa -format jpg -auto-orient -resize "2000x2000>" -quality 80 zithunzi/*
img2pdf --pagesize A4 --border 15mm --auto-orient -o lipoti.pdf zochepa/*
```

Mzere woyamba ukupanga foda yatsopano. Wachiwiri ukuika m'menemo makope ochepetsedwa, onse a JPEG, otembenuzidwa kale motsata kachizindikiro kaja. Kachizindikiro ka `>` kakunena kuti zochepetsedwa zikhale zokhazo zoposa 2000, motero malisiti a pa WhatsApp sakulitsidwa. Ndipo asakulitsidwe, chifukwa kukulitsa sikubweza zomwe zinatayika. Timadontho tawo 1200 pa mainchi 7.09 ndi 169 pa inchi, zokwanira pa lisiti la zilembo zazikulu, zokayikitsa pa tizilembo tating'ono. Ngati nambala ya lisiti sikuwerengeka, msungichuma atumizenso chithunzicho posankha Document pa WhatsApp, pomwe chimapita chathunthu.

Mawu oti `-path zochepa` asaiwalike. Lamulo la `mogrify` lopanda mawuwa limalemba pamwamba pa zithunzi zoyambirira, ndipo silifunsa kaye. Pa makompyuta omwe ali ndi ImageMagick 6, yakale, mawu oti `magick` amachotsedwa n'kuyambira pa `mogrify`.

Chithunzi chochepetsedwa chonchi nthawi zambiri chimalemera pafupifupi theka la megabaiti, ndiye masamba 24 amakwana pa imelo mosavuta. Wina angafunse chifukwa chosapangira PDF ndi ImageMagick yomweyo. Imatha ndithu, koma imapanikizanso zithunzi kachiwiri, ndipo pa makompyuta ena a Ubuntu imakana n'kulemba uthenga wa `not allowed by the security policy`, chifukwa mbali yake ya PDF inatsekedwa mu 2018 atapeza ziboo zachitetezo mu pulogalamu ina imene imadalira, ya Ghostscript.

Pali chinthu chimodzi chimene lamulo lililonse silingakonze. Majini amene pulogalamu imapima ndi a pakati pa m'mphepete mwa pepala ndi m'mphepete mwa chithunzi. Koma wowerenga amaona zonse za m'chithunzimo. Ngati tsamba lina linajambulidwa foni ili pafupi, lina ili patali kotero kuti mukuoneka nsalu ya patebulo, kapu ya tiyi ndi chala chachikulu chopanikiza buku, masamba adzaoneka osalongosoka ngakhale mamilimita ali ndendende. Foni ikapendekeka, pepala limaoneka lotambalala kumunsi, lopanikizika kumwamba. Zonsezi zimakonzedwa pojambula: buku likhale malo amodzi pafupi ndi zenera, foni ikhale pamtunda umodzimodzi, yoyang'ana pansi molunjika, fulashi yozimitsa. Ena amasanjikiza mabuku ena n'kugoneka foni pamwamba kamera itatulukira kunja, ndiye ntchito imangotsala yotembenuza masamba. Zida zosikanira za mu Google Drive ndi za mu Notes pa iPhone zimapeza zokha ngodya zinayi za pepala n'kuliwongola, koma tsamba lililonse limadulidwa mosiyanako pang'ono, choncho ngodyazo ndi zofunika kuziyang'ana tsamba lisanasungidwe.

Fayilo ikatuluka, isatumizidwe isanayesedwe. Pulogalamu ya `pdfinfo`, imene pa Ubuntu imabwera mu `poppler-utils`, imaonetsa chiwerengero cha masamba ndi kukula kwa lililonse:

```
pdfinfo -f 1 -l 24 lipoti.pdf
```

PDF imapima ndi timiyeso take tomwe 72 timakwana inchi imodzi, ndipo A4 imaoneka ngati `595.276 x 841.89 pts (A4)`. Mlembi uja ayembekezere mizere 21 yotere ndi itatu yomwe manambala atembenuka, 841.89 patsogolo, ya matebulo ogona aja. Akaona `612 x 792`, Letter walowerera penapake. Mzere wa `Pages` ukanena 23, pali chithunzi chimene chatsala, ndipo choyamba kuchikayikira ndi cha sikirini, chomwe nthawi zambiri chimakhala cha mtundu wa PNG ndipo chimadumphidwa munthu akalemba `*.jpg` m'malo mwa kanyenyezi kokha.

Kuyesa komaliza ndi kwa pepala ndi lula. Posindikiza, mapulogalamu owerengera PDF amakonda kusankhiratu Fit, imene imachepetsa tsamba lonse pang'ono kuti lilowe m'malire a pulinta, ndipo majini a 15 amatuluka 18 kapena 19. Pasankhidwe Actual size, kapena 100 pa muyeso. Tsamba loyamba lokha lisindikizidwe kaye. Lula ikaikidwa kumanzere iwerenge mamilimita 15, kumanja 15, kumwamba 28 ndi theka, ndipo mzere wa matotala ukhale ukuoneka wonse. Zikatero masamba 23 otsalawo atsatire.